Za vati ndi malata a asuweni

Funso la msuweni m'gulu la pabanja: "Achemwali, inu mumadziwa za mabuku. Ndikayamba kupereka malisiti a vati pa malata ndikugulitsawa, MRA izinditengera zingati pa mwezi? Ena akuti bizinesi imathera pomwepo."

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako. Pepa ndachedwa, ndinali kuchigayo, manetiweki akuvutanso kuno ku Chinkhoma. Dikira ndikhale pansi kaye... eya. Ukundimva?

Iwe ndimakudziwa kuyambira uli kumbuyo kwa azakhali. Ukayamba ndi "ena akuti", ndiye kuti alipo wina wakunong'oneza. Ndi mnyamata wa lole uja, si choncho? Uja amabwera ndi malata madzulo, wotchipitsa koma wopanda lisiti. Mayi ako anandiuza pa maliro paja kuti wakhala akuzungulira pashopu pako. Ndiye chimene ukufunsa chenicheni ine ndachimva: upitirize kukapikula ku Lilongwe kwa a malisiti, kapena uzitenga kwa iyeyo. Usakane, ndikukuona ukuseka uli komweko.

Ndiyambe ndi amalume. Ayi, osati a ku Santhe, ndikunena amalume aakulu, a njinga yamoto yofiira aja. Iwe unali ku sekondale nthawi imeneyo, zambiri sunazione. Ine ndi amene ndinkawalembera m'kope Loweruka lililonse, ndili pa benchi paja pafupi ndi sikelo, wailesi ikulira. Chaka chimenecho fodya anayenda bwino. Alimi akangochoka ku okushoni, molunjika kwa amalume: malata, misomali, simenti, mafelemu a zitseko. Ndalama ankaika m'chitini cha mkaka chija, pansi pa kauntala, chivindikiro chake chomangidwa ndi mphira wa chubu. Madzulo aliwonse ankatseka chitseko theka, n'kukhuthula chitini patebulo, kuwerenga uku akunyowetsa chala. Akamaliza ankati, "Mwana wa mlongo wanga, lemba, lero Mulungu watiyendera."

Munthu wabwino, iwe ukudziwa. Fizi ya anthu angati anailipira kuchokera m'chitini chimenecho? Ngolo ya kumudzi ija, ng'ombe ziwiri zija, zonse ndi chaka chomwecho. Koma ndalama yonse ya m'chitini ankaiona ngati yawo. Apa ndiye panali vuto. Anali atalembetsa vati, pa lisiti lililonse ankaikapo msonkho, alimi ankalipira. Ndalama ya msonkho ija inkagona limodzi ndi mpamba ndi phindu, osasiyanitsa. Ndinawauza kangapo kuti amalume, mu chitinimu muli ndalama ya eni. Iwo amvekere, "Eni ake ndani, poti shopu ndi yanga?"

Kenaka kunabwera munthu wa lole. Iyayi, si yemweyu wakoyu, uja anali wachikulire, koma njira yake ndi imodzimodzi. Anawapatsa katundu pa mtengo wotsika, amalume anasangalala, anamuphera nkhuku ndithu. Miyezi itatu akupikula kwa iyeyo. Pofika nthawi yowerengera za msonkho, tinakhala pansi ndi bambo wina wodziwa mabuku wa pa boma, anafunsa malisiti a katundu wolowa. Amalume anatulutsa kapepala kong'ambidwa mu kope la sukulu, kolembedwa ndi bolopeni, "malata 200, ndalandira". Bambo aja anangokabweza. Ndikukumbukira amalume anavula chipewa n'kuchiika pabondo, osayankhula. Njinga yofiira ija inagulitsidwa mwezi wotsatira. Kunyumba anauza anthu kuti injini yatopa. Zina zonse zija za azakhali kupita kwawo miyezi iwiri, ukuzidziwa.

Aa, ndatalikitsa. Ndibwerere kwa iwe. Tenga pensulo, usamangomvera uku ukucheza ndi makasitomala.

Ndiwerengera pa 16.5 peresenti, mlingo umene tinkauona pa malisiti zaka zambiri. Powerengera zako uikepo mlingo umene walembedwa pa lisiti la lero, njira yake sisintha. Tiyerekeze mtolo umodzi wa malata, mitengoyi ndangoika kuti masamu aphweke.

Fakitale yagulitsa mtolowo kwa a holoselo pa K200,000. Pamwamba paikidwa vati, K33,000, ndiye a holoselo atulutsa K233,000. K33,000 ija si ya fakitale, ndi ya boma. Ina mwa iyo fakitale inalipira kale pa boda polowetsa chitsulo, yotsalayo ikapereka ndi ritani yake, lipoti la msonkho limene amatumiza ku MRA. Koma zonse pamodzi ndi K33,000.

A holoselo akugulitsa iwe pa K300,000, vati yake K49,500. Iwe watulutsa K349,500. Tsono iwo sapereka K49,500 yonse ku MRA, ayi. Amachotsapo K33,000 imene analipira kale kufakitale, n'kupereka K16,500 yokha.

Wafika nawo pa Kasungu. Wagulitsa kwa mlimi pa K360,000, vati ndi K59,000... ayi, dikira, K59,400. Eya, K59,400. Mlimi wakupatsa K419,400 m'manja. Pa K59,400 imene watolerayo uchotsepo K49,500 imene unasiya ku holoselo. Yatsala zingati? K9,900. Imeneyo ndiye umapereka. Pa mtolo wa ndalama zoposa K400,000, iwe ukupereka K9,900.

Tsopano phatikiza: K33,000, K16,500 ndi K9,900 yakoyo. Ikukwana K59,400 ndendende, yomwe ija watulutsa mlimi. Boma latolera kamodzi kokha, koma latolera pang'onopang'ono m'manja atatu, aliyense pa kamtengo kamene iye wawonjezera. Iwe unawonjezera K60,000, ndipo 16.5 peresenti ya K60,000 ndi K9,900 yomweyo. Wasenza msonkho wonse ndi mlimi, chifukwa iye alibe woti amugulitse, akukafolera nyumba yake. Phindu lako la K60,000 silinakhudzidwe ngakhale tambala.

Ndiye tibwere kwa mnyamata wako wa lole. Iye akuti, a holoselo akukudyerani K349,500, ine ndikupatsani pa K330,000, kulibe za mapepala. M'mutu mwako wapulumutsa K19,500. Chabwino. Ngati uli wolembetsa, pogulitsa uyenerabe kuika vati. Mlimi wakupatsa K419,400 yomwe ija, mkati mwake muli K59,400 ya boma. Uchotsapo chiyani? Palibe. Ulibe lisiti losonyeza kuti unalipirapo vati. Upereka K59,400 yonse. Utsala ndi K360,000, chotsa K330,000 ya katundu, phindu K30,000. Kwa a malisiti unali ndi K60,000. Wadula phindu lako pakati, uku ukumuthokoza munthuyo. Kuti afanane ndi a holoselo, iye ayenera kutsika mpaka K300,000, chifukwa mtengo weniweni wa ku holoselo kwa iwe ndi umenewo. K49,500 ija umangoitsogoza, imabwerera pa ritani. Izi ndi zimene zinadya njinga ya amalume, kuphatikizapo kuti ya msonkho ija anali ataigulira kale ng'ombe.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi, msuweni: vati sidya ndalama yako, umapereka kusiyana kwa imene watolera ndi imene unalipira, bola ukhale ndi lisiti lovomerezeka la katundu wolowa.

Lisitilo uziliyang'ana usanakweze katundu. Likhale lochokera kwa munthu wolembetsa vati, pakhale dzina la bizinesi yake ndi TPIN yake, nambala yomuzindikiritsa ku MRA, deti, ndiponso vati yolembedwa payokha, osati kungoti zonse pamodzi zakuti. Uuzenso wogulitsayo aikepo zako, kuti lisiti lidziwike kuti wagula ndiwe. Mapepala a m'makina aja amafufutika msanga akakhala padzuwa kapena m'thumba la thalauza, ndiye ukangofika lijambule pafoni, lenilenilo uike mu fayilo. Si malata okha, ngakhale vati ya pa mashelefu kapena penti wa shopu imachotsedwa, chifukwa ndi za bizinesi. Koma shuga wa kunyumba ayi. Ndi suti ya chinkhoswe chako chija, imene tikuidikira chaka chachitatu tsopano, usaiikemo!

Mwina uli ndi mtengo umodzi wophatikiza kale, monga K419,400, ndipo ukufuna kudziwa ya boma ndi iti. Usamenye 16.5 peresenti pa yonseyo, upeza yochuluka kuposa yoyenera. Gawa ndi 116.5, kenaka chulukitsa ndi 16.5. Yesa pafoni pomwepo, ikupatsa K59,400.

Ritani ndi ya mwezi ndi mwezi, imalowa pofika pa 25 mwezi wotsatira, pa Msonkho Online, ndalama yake ndi tsiku lomwelo. Za Juni, pofika pa 25 Julaye. Ukachedwa pali chindapusa ndi chiwongoladzanja. Mwezi umene sunagulitse kanthu umatumizabe. Ndipo mwezi ngati Epulo, pamene wadzaza shopu kudikira alimi, vati imene walipira popikula imatha kuposa imene watolera. Pamenepo supereka kanthu, yotsalayo imasungidwa, idzachotsedwa pa mwezi wotsatira.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa iwe ndi ngongole. Uli ndi mtima wa amalume, munthu akangoti ndidzalipira fodya akalowa, wamutsegulira kale. Ukalemba lisiti lero, vati yake yalowa m'mwezi uno, kaya munthuyo walipira kaya sanalipire. Ukakongoza mitolo isanu, pa 25 udzapeza kuti ukuyenera kupereka msonkho wa ndalama imene sunaigwire n'komwe.

Ndikuonanso ngati mayi ako ananena kuti ukufuna kuyamba kugula chimanga pambali. Chimenecho usachisakanize m'kope limodzi ndi malata. Chimanga chosagaya sichiikidwa vati, ndiye vati ya pa zinthu zimene wagulira mbali imeneyo sungaichotse pa ya malata. Tidzakambirana padera.

Ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa pofika apa wayamba kale kuyankha foni ina. Pa mtolo uja, K59,400 walandira m'malo mwa boma, K49,500 unapereka kale kudzera ku holoselo, K9,900 ndiyo ukaperekeze. Popanda lisiti uperekeza K59,400 yonse, n'chifukwa chake wa lole sakutchipitsira.

Aa, mphika ukupsa, dikira... eya ndabwera. Ndimati chiyani? Eya, ya boma ija uziipatula tsiku lomwelo, ngakhale mu akaunti ina ya pafoni imene sukhudza. Si yako, wangosungitsidwa, ndipo imene ituluke pa 25 ndi kusiyana kokha ngati malisiti a ku Lilongwe ali mu fayilo. Loweruka ndikubwera pa boma kudzagula mankhwala a agogo, ndidzadutsa pashopupo cha m'ma 10. Usonkhanitse malisiti onse a miyezi itatu yapitayi, ngakhale ofufutika, ndi kope la ngongole lija usalibise. Undiperekere moni kwa mayi.