Pa Chiarabu, zinthu zikachuluka zimatengeranji mawu achikazi?

"Ku madrasa tawerenga buyuut kabiira, koma bayt ndi mawu achimuna, nanga kabiira wachikaziyu wachokera kuti? Kapena buku lalakwitsa?"

Ayi achimwene, buku silinalakwitse, inenso zinandizunguza mutu poyamba. Pa Chiarabu mfotokozi amatsatira dzina, ndiye nyumba imodzi yaikulu ndi bayt kabiir, onse achimuna. Koma zikachuluka, musanalembe chilichonse dzifunseni kaye kuti izizi ndi anthu kapena ayi. Akakhala anthu mfotokozi nayenso amachuluka, mwamuna mmodzi wamkulu ndi rajul kabiir, akachuluka amakhala rijaal kibaar. Zikakhala nyumba, mabuku, ngakhale agalu amene ali ndi moyo, Chiarabu chimazitenga zonsezo ngati chinthu chimodzi chachikazi, ndiye mpake buyuut kabiira, kutub jadiida, kilaab kabiira, ndipo polozanso mumati haadhihi buyuut, kutanthauza kuti izi ndi nyumba, osati haa'ulaa'i amene ndi wolozera anthu.

Chifukwa chake nchakuti akatswiri akale a galamala ya Chiarabu ankati zinthu zambirizo timaziona ngati gulu limodzi, jamaa'a, ndipo mawu akuti jamaa'a ndi achikazi komanso amodzi, ndiye mfotokozi akugwirizana ndi gululo osati nyumba iliyonse payokha. Ganizani mmene timanenera kuti gulu la ng'ombe lafika, ng'ombe ndi zambirimbiri koma tati lafika osati zafika.

Pomwe ambiri amagwa mpakuti zikakhala ziwiri lamuloli siligwira, nyumba ziwiri ndi baytaani kabiiraani, zabwereranso kuchimuna. Ndipo mukaika al pa dzina muikenso pa mfotokozi, al-buyuut al-kabiira, mukangoti al-buyuut kabiira mwanena kuti nyumbazo ndi zazikulu, chomwe ndi chiganizo chathunthu.