Chiwindi chakupsa mpaka m'kati koma chosalimba

"Ndikakazinga chiwindi mwachangu chimafewa bwino, koma m'kati mumatsala magazi, ndiye ndimaopa kupatsa ana. Ndikachisiya pamoto mpaka magaziwo athe, chimalimba ngati chikopa. Kodi nditani kuti chipse koma chikhalebe chofewa? Nanga impso ndi zam'kati zina, n'chimodzimodzi?"

Zikomo mayi chifukwa cha imelo yanu. Mantha anuwo ndi oyenera, ndipo musalole munthu akunamizeni kuti magazi pang'ono alibe kanthu. Nthuli ya mnofu wa ng'ombe imakhala ndi tizilombo makamaka kunja, ndiye moto ukapsereza kunjako, zambiri zatha. Chiwindi si choncho. Ndi chiwalo chodzaza ndi timitsempha ta magazi, ndipo mabakiteriya amapezeka ngakhale pakati penipeni. Cha nkhuku ndiye chimatchuka ndi bakiteriya wotchedwa kampilobakita, amene amayambitsa kutsegula m'mimba, kupotokola ndi kutentha thupi. Matendawa amayamba pakapita masiku awiri mpaka asanu, n'chifukwa chake anthu amanamizira chakudya cha dzulo pamene wolakwa ndi chiwindi cha Lolemba.

Choncho pakati pa nthuli pafunika kufika madigiri 70 ndi kukhala pamenepo mphindi ziwiri. Ena amangoti cha ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa chifike 71, cha nkhuku 74. Vuto ndi loti chiwindi chilibe mitsempha yolimba imene imasungunuka ndi kuphika nthawi yaitali monga zimakhalira ndi nyama ya m'miyendo. Chikapitirira kwambiri pamadigiri amenewa chimafinya madzi ake onse, n'kusanduka chouma chonyenyeka ngati choko. Kampata kake n'kakang'ono, ndipo amene amakuthandizani kulowamo ndi mpeni, osati moto.

Tiyeni titenge theka la kilogalamu ya chiwindi cha ng'ombe. Choyamba sendani kakhungu kopyapyala kamene kamakuta kunja. Lowetsani chala pansi pake n'kukoka pang'onopang'ono, kamachoka ngati pepala lonyowa. Mukakasiya kamakwinyika pamoto, nthuli n'kupindika, ndiye mbali ina imapserera pamene ina sinakhudze chiwaya n'komwe. Chotsaninso timachubu toyera tolimba tomwe mumationa m'kati. Nthawi zambiri munthu akamadandaula kuti chiwindi n'chotafuna ngati labala, amakhala waluma timeneti.

Kenako dulani nthuli zaphanthiphanthi, zokhuthala sentimita imodzi, ngati kachala kanu kakang'ono, ndipo zonse zifanane. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nthuli yokhuthala masentimita atatu singapse pakati kunja kusanaume, ngakhale mukhale katswiri wotani. Chiwindi chimaterera pampeni, ndiye ine ndimayamba ndachiika mufiriza mphindi 20 kuti chiumeko pang'ono, chimadulika mosavuta. Mukatha, chipukuteni ndi pepala la kukhitchini mpaka chiume. Chonyowa sichikazingika, chimangowira m'madzi ake n'kutuwa.

Anyezi mukazinge kaye payekha mpaka afewe, muike pambali. Ambiri amalakwitsa apa: amathira chiwindi ndi anyezi pamodzi, ndiye podikira kuti anyezi apse, chiwindi chapita kale. Tsopano tenthetsani chiwaya ndi masupuni awiri a mafuta mpaka mafutawo ayambe kunyezimira. Thirani mchere pa nthuli nthawi yomweyo, muziyale motalikirana. Theka la kilogalamu silikwana ulendo umodzi m'chiwaya wamba, ligaweni pawiri. Nthuli ikagwera muyenera kumva kuti tswee! Ikangokhala chete, moto wachepa.

Musazigwedeze. Pakatha mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri mudzaona timadontho ta magazi tikutuluka pamwamba, ndipo m'mbali mwayamba kusintha mtundu. Tembenuzani, mudikirenso chimodzimodzi. Apa kunja kwapsa bwino koma pakati sipanafike, ndipo ndikuganiza kuti ndi pamene inu mumaima n'kumasankha pakati pa magazi ndi chikopa. Musasankhe. Chepetsani moto kwambiri, bwezerani nthuli zonse ndi anyezi uja, thirani masupuni atatu kapena anayi a madzi otentha, vindikirani. Mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Nthunzi ija imalowetsa kutentha mpaka pakati mofatsa, osaumitsa kunja. Kuwerenga zonse, nthuli iliyonse yakhala pamoto mphindi 5 mpaka 7.

Mudziwa bwanji kuti chapsa? Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa chakudya, kabayeni cham'mbali mwa nthuli yaikulu kuposa zonse kuti nsonga ifike pakati. Ngati mulibe, dulani nthuli yomweyo. Chosapsa chimakhala chofiira, chonyezimira ndi chonjenjemera ngati magazi oundana, ndipo mukachitsinya chimatulutsa magazi. Chakupsa chimakhala chogwirana kuchokera kunja mpaka pakati, koma chonyowabe, madzi ake opanda magazi. Kunena zoona, maso amanyenga, chifukwa chiwindi chimatha kuoneka chakupsa chisanafike pamadigiri aja. N'chifukwa chake pophikira ana, okalamba kapena odwala ndimaonjezera mphindi imodzi pansi pa chivindikiro mpaka kufiira konse kuthe. Pamoto wochepa chotere mphindi imodziyo siiwononga kanthu.

Ziwindi za nkhuku njira yake ndi yomweyi, koma zimakhala zonenepa pakati, ndiye zigaweni pawiri ndipo nthawi yovindikira ikhale mphindi zitatu kapena zinayi. Paliponse pamene pali banga lobiriwira, dulani mutaye: imeneyo ndi ndulu, ndipo kadontho kamodzi kamawawitsa poto yense. Musazitsuke pampopi, madzi othovokawo amangomwaza tizilombo pa mbale ndi patebulo. Thabwa, mpeni ndi manja ndizo muyenera kutsuka ndi sopo musanagwire china chilichonse. Za kunyika mumkaka ola limodzi, zimachepetsadi fungo ndi kuwawa, koma sizipha kachilombo ngakhale kamodzi.

Chiwindi cha nkhumba chokha ndiye ndimachichotsa m'gulu la zachangu. Chimatha kukhala ndi vairasi ya matenda otupa chiwindi a mtundu wa E, imene imapirira kutentha, moti pamafunika madigiri 71 kwa mphindi pafupifupi 20. Chimenecho chiduleni ting'onoting'ono, muchiphike mumsuzi pamoto wochepa, ndipo muvomereze kuti chilimbako. Ndipo ngati pakhomo pali mayi woyembekezera, chiwindi cha mtundu uliwonse achipewe, chifukwa chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri amene angavulaze mwana m'mimba.

Impso za mbuzi kapena nkhosa zimatsata lamulo la chiwindi. Zing'ambeni pakati, muchotse mafuta oyera olimba a m'katiwo, pakuti fungo la mkodzo limakhala pamenepo, kenako mphindi ziwiri mbali iliyonse ndi kuvindikira. Mtima nawonso, mukauchotsa mafuta ndi mitsempha n'kuudula mopyapyala, umapsa msanga. Koma chifu, matumbo ndi lilime zilibe njira yachidule pa chiwaya. Zimenezi zadzaza ndi mitsempha yolimba ija imene chiwindi chilibe, ndipo zimafewa pokhapokha zitawira pang'onopang'ono maola awiri kapena atatu. Nthutumba zimafuna pafupifupi ola. Poto wophika ndi mphamvu ya nthunzi uja amadula nthawiyi, chifu n'kufewa m'mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono. Mukafuna kuphika zonse pamodzi, yambani ndi zolimbazo, chiwindi muchikazinge padera n'kuchiponyamo mphindi zitatu zomaliza, mbale zili kale patebulo.