Kuwerenga tchati ya makandulo pa chithunzi

"Mnzanga wanditumizira chithunzi cha tchati ya makandulo ya masheya a kampani ina. Ndingadziwe bwanji mtengo wokwera kwambiri, wotsika kwambiri, ndi tsiku limene mtengo unasintha koposa?"

Musanawerenge kanthu, yang'anani pamwamba pa chithunzicho ngati palembedwa `1D` kapena `D`, chifukwa chizindikirochi ndicho chimatsimikiza kuti kandulo iliyonse, kabokosi kokhala ndi kachingwe pamwamba ndi pansi koonetsa mmene mtengo unayendera, ikuimira tsiku limodzi. Ngati palembedwa `4h` kapena `1W`, ndiye kuti kandulo ikuimira maola anayi kapena sabata yathunthu, ndipo funso lanu lachitatu silingayankhidwe bwino ndi chithunzi chimenecho.

Mtengo wokwera kwambiri uli pansonga pa kachingwe kam'mwamba kamene kafika patali kuposa tinzake, ndipo wotsika kwambiri uli pansonga pa kachingwe kam'munsi. Ambiri amawerenga pamene pathera thupi la kandulo, koma thupilo limangoonetsa mtengo wotsegulira ndi wotsekera. Ikani rula kapena m'mphepete mwa pepala mopingasa kuchokera pansongapo kufika pa manambala a kudzanja lamanja. Nsonga ikagwera pakatikati pa 320 ndi 340, nenani kuti ndi pafupifupi 330, poti chithunzi sichipereka nambala yeniyeni. Dziwaninso kuti mitengo imeneyi ndi ya masiku okhawo amene akuoneka pa chithunzipo.

Funso lachitatu ndilo lofuna kusamala, chifukwa kandulo yaitali imakopa maso koma siikhala yankho nthawi zonse. Kusintha kwa tsiku kumawerengedwa kuchokera pa mtengo wotsekera wa tsiku lapitalo kufika pa wotsekera wa tsikulo. Tiyerekeze kuti Lachiwiri msika unatseka pa madola 200, kenako Lachitatu unatsegula pa 180 n'kutseka pa 184. Kandulo ya Lachitatu idzakhala yaifupi ndiponso yobiriwira, ngati kuti zinthu zinayenda bwino, chonsecho mtengo unagwa ndi madola 16, omwe ndi 8 peresenti. Kugwako kwabisala mu mpata wopanda kanthu umene uli pakati pa makandulo awiriwo. Tsiku lina mtengo n'kukwera kuchoka pa 300 kufika pa 320, ndipo kandulo yake idzaoneka yaikulu, komabe madola 20 pa 300 ndi pafupifupi 6.7 peresenti basi. Ine ndingasankhe Lachitatu lija, chifukwa peresenti ndiyo imasonyeza mmene mwini masheya anapindulira kapena kutayira pa ndalama zake.

Choncho sankhani masiku atatu kapena anayi okhala ndi matupi aatali kapena mipata yaikulu, muwerengere lililonse motere, `lero` kukhala mtengo wotsekera wa tsikulo ndipo `dzulo` wotsekera wa tsiku lapitalo:

```
(lero - dzulo) / dzulo x 100
```

Kandulo yomalizira kudzanja lamanja muisiye ngati chithunzicho chinajambulidwa msika usanatseke, popeza mtengo wake unali ukusinthabe. Masiku awiri akayandikana kwambiri, pemphani mnzanuyo aloze kandulo iliyonse pa tchati yeniyeniyo, akutumizireni manambala olembedwa pa `O`, `H`, `L` ndi `C`, omwe ndi mtengo wotsegulira, wokwera kwambiri, wotsika kwambiri ndi wotsekera.