Foni ikuti mulibe simu, chonsecho simu ilimo ndipo ikuoneka yabwinobwino

"Abale ndithandizeni. Foni yanga kuyambira dzulo ikungolemba kuti No SIM card, chonsecho simu ilimo. Ndaitulutsa n'kuiyang'ana, sinakandike, sinathyoke. Ndili ku Santhe ndipo ndalama zanga za soya zili mufonimo. Ndikagule simu ina kapena foni ndiye yatha?"

Mayi, musagule kaye chilichonse. Ndiyambe ndi za ndalamazo kuti mtima ukhale m'malo. Ndalama za Mpamba kapena Airtel Money sizikhala m'kakhadiko ayi, zimakhala kukampani, zolembedwa pa nambala yanu. Simu itafa lero, ndalama zili pomwepo, mukazipeza mukabwezeretsa nambala.

Ine ndimakonza mafoni pa Kasungu boma, ndipo sipatha sabata ndisanakumane ndi vuto ngati lanuli. Maso amanamiza pa nkhani ya simu. Kagolide mukuonako si simu yeniyeniyo, ndi pogundira chabe. Kaubongo kake kali pansi pa golideyo, kakang'ono ngati kambewu ka mpiru kophwatalala, ndipo kamalumikizidwa ndi timawaya toonda kuposa tsitsi. Simu ikapindika pang'ono m'thumba, kapena poikanikiza ndi chikhadabo, kawaya kamodzi katha kuduka m'kati kunja kukuwala bwinobwino. Ndiye kuti "sinakandike" sikutiuza kalikonse.

Chimachitika n'chiyani mukayatsa foni? Imatumiza kamoto pang'ono ku simu, mavoti 1.8 kapena 3, n'kuidzutsa, kenako n'kudikira kuti iyankhe. Zonsezi zimatha sekondi isanakwane. Kuti zitheke pamafunika timapini tisanu tigunde bwino pa golide: ka moto, kobwezera moto, kodzutsira, kowerengera nthawi, ndi kodutsa uthenga. Kamodzi kokha kakalephera kugunda, simu siyankha, ndipo foni imangoti mulibe kanthu. Siitha kusiyanitsa simu yakufa, simu yakuda, kapini kopindika kapena malo opanda simu. Zonsezo kwa iyo ndi No SIM card basi. N'chifukwa chake ntchito yosiyanitsayo ndi yathu.

Musanatsegule kanthu, werenganinso mawu ali pagalasiwo, chifukwa anthu ambiri amabwera akuti "ikukana simu" pomwe foni ikunena zina. No SIM card kapena Insert SIM ndiye nkhani tikukambayi. Koma ikalemba No service kapena Emergency calls only, dzina la simu likuoneka ndithu mu Settings, ndiye kuti simu yawerengedwa, chavuta ndi netiweki kapena nambala yatsekedwa kukampani. Kupukuta simu pamenepo n'kutaya nthawi. Ikalemba Invalid SIM kapena kufunsa SIM network unlock PIN, kawirikawiri foniyo inamangidwa kuti izigwira ndi kampani imodzi ya kunja, monga zimachitira zina zochokera ku Joni. Poti yanuyi imagwira mpaka dzana, sindikuganiza kuti n'zimenezo.

Tsono zimitsani foni, kuzimitsiratu, osati kungothimitsa galasi. Mafoni ambiri a mabatani amayang'ana simu poyaka pokha, ndiye mukailowetsa foni ili choyaka siidziwa n'komwe. Tulutsani simu, muipukute golideyo ndi kansalu kouma koyera. Ngati ili ndi chifunga, ipakeni mofatsa ndi labala wa pensulo wa ana a sukulu, kenako n'kuchotsa tizinyenyeswa. Kadontho ka sipiriti pansalu kamathandizanso, bola mudikire iume. Malovu ayi, chonde. Lezala ayi. Ndaona masimu ambiri amene anafika kwa ine atapalidwa ndi lezala mpaka golide kutha, mwini wake akuti amachotsa dzimbiri. Fumbi la kuno nthawi ya chilimwe likasakanikirana ndi thukuta, makamaka kwa amene amasunga foni pachifuwa kapena m'chitenje ali kumunda, limapanga kautoto kosaoneka ndi maso, ndipo kupukuta kokhako kumadzutsa mafoni ambiri. Pobwezera onetsetsani kuti kona yodulidwa ija yalowa mbali yake, ndipo golide wayang'ana kumene kuli mapini.

Zikakanikabe, apa ndiye pagona nkhani. Bwerekani foni ya mnansi imene ikugwira bwino, pamodzi ndi simu yake. Muyesa kawiri, ndipo kawiri konseko n'kofunika. Ikani simu yanu m'foni yawo, muyatse, muone. Kenako ikani simu yawo m'foni yanu, pamalo omwewo pamene panali yanu, muyatse, muone. Anthu ambiri amalekera pa kuyesa koyamba, n'kugamula mlandu atamva mbali imodzi.

Simu yanu ikakana m'foni yawo, yawo n'kugwira mwanu, ndiye kuti simu yanu yafa. Yanu ikagwira mwawo, yawo n'kukana mwanu, simu ilibe mlandu, odwala ndi malo olowetsera simu m'foni yanu. Zonse zikagwira, ndiye kuti linali dothi kapena simu inangosuntha, ngakhale pali china chimene ndichitchule pansipa. Zonse zikakana, zimachitika koma mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri ndi foni imene inanyowa, zonse ziwiri n'kuonongekera limodzi.

Chenjezo limodzi poyesapo. Simu ya mnansi ikafunsa PIN, alembe mwini wake, musalote. Kulakwitsa katatu imatseka n'kufuna PUK, nambala yotsegulira simu ya manambala 8, ndipo PUK mukailakwitsa ka 10 simu imafa osadzukanso. Mungabwereke foni n'kubweza maliro.

Ndikuuzeni za bambo ena amene anabwera mwezi wathawu kuchokera cha ku Chamama. Anali atapita kale kukabwezeretsa nambala, simu yatsopano ili m'manja, koma foni ikulembabe zomwezo. Thiransipoti yapita, tsiku lapita. Ndinaika simu yawo yatsopanoyo m'kafoni kanga ka mabatani, inagwira nthawi yomweyo. Ndinaika yanga m'foni yawo pa SIM 1, zii. Ndinaisamutsira pa SIM 2, netiweki inabwera yodzaza. Apo ndinadziwiratu kuti ubongo wa foni uli moyo, wavulala ndi khomo limodzi. Nditawalitsa tochi m'katimo ndinaona timapini tonse titatukula mitu, kupatula kamodzi kamene kanagona chammbali.

Nditawafunsa bwino anaulula. Simu za masiku ano zimabwera zodulidwadulidwa kuti muthyole saizi imene mukufuna, yaikulu, yapakati, kapena yaing'ono kwambiri. Iwo foni yawo imafuna yapakati, ndiye amagwiritsa yaing'ono itakhala m'kafelemu kake. Tsiku lina potulutsa, kasimu kanagweramo padera, kafelemu n'kutsalira m'kati. Anakakoka mwamphamvu, m'mphepete mwake n'kukola kapini. Musadzalowetse kafelemu kopanda simu m'foni, ndipo kakakakamira musakoke, pitani nako kwa okonza. Bambowa ndinawauza kuti asankhe: tisinthe kanyumba ka simu konse, kapena azingogwiritsa SIM 2 popanda kulipira kanthu. Anali ndi layini imodzi yokha, ndiye anasankha chachiwiricho. Simu yawo yakale ija, imene anaitaya, ndikukhulupirira inali yamoyo.

Choncho ngati foni yanu ili ya masimu awiri, yesani khomo linalo musanakwere minibasi.

China ndinalonjeza chija ndi ichi. Pali foni imene imawerenga simu m'mawa, masana n'kuitaya, mukaigogoda n'kubwerera. Imeneyo ndi nkhani ya kukhwepa. Simu yaing'ono kwambiri ija ndi yopyapyala kuposa zinazo, mamilimita 0.67 pomwe zikuluzikulu ndi 0.76. Kusiyanako simungakuone ndi maso, koma m'foni yakale imene mapini ake anatopa, n'kokwanira kuti simu izingoyandama. Pamsewu wa mabampu pa kabaza, imasiya kugunda. Muyeso wake ndi wosavuta: dulani kapepala kamodzi kopyapyala, kapena kaselotepi kamodzi, muike kumsana kwa simu, kumene kulibe golide. Ikasiya kutayataya, mwapeza vuto. Koma kamodzi kokha, ndipo pa mafoni otsegula kumbuyo. M'mafoni a kathireyi kotulutsa ndi kapini ndimakaniza, chifukwa mukanenepetsa simu kathireyi kamakakamira m'kati, ndipo potulutsa ndi pamene mapini amathyoka. Kathireyiko kayang'aneninso ngati sikanapindike kapena kusweka pakona, ndiponso ngati kakulowa mpaka kufanana ndi thupi la foni.

Nanga makomo onse awiri akakana simu iliyonse? Imbani nambala iyi ngati mukuimba foni:

```
*#06#
```

Payenera kutuluka IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ya manambala 15, ndipo foni ya masimu awiri imaonetsa ziwiri. Ikatuluka bwino, mbali yolankhula ndi netiweki ikadali moyo, ndipo ife timakayang'ana njira ya moto wopita ku simu. Timaika mita yoyezera moto pa kapini ka moto n'kuyatsa foni. Pamayenera kuoneka kamoto kongothwanima kamphindi, foni ikuyesa kudzutsa simu. Pakapanda kuthwanima kalikonse, vuto lili pa bolodi, pamene pamakhala tizipangizo ta m'kati mwa foni. IMEI ikapanda kutuluka, kapena pakalemba null, ndiye nkhani yakula, mwina pulogalamu ya foni inaonongeka, mwina kachipangizo ka netiweki kanasiya malo foni itagwa. Zimenezo si zapakhomo. Ndipo wina akangoitenga foni n'kunena kuti "tiifulashe" asanayese n'komwe simu ina, itengeni muzipita. Kufulasha, kumene ndi kuikamonso pulogalamu ya foni, kumafufuta zithunzi ndi manambala anu, ndipo sikuwongola kapini kopindika.

Muyeso ukaonetsa kuti yafa ndi simu, musagule nambala yatsopano. Pitani kushopu ya kampani yanu kapena kwa ejenti wovomerezeka, mutatenga chiphaso cha unzika chimene munalembetsera nambalayo, muwauze kuti mukufuna simu ina pa nambala yomweyo. Simu yakufayo itengeni. Akhoza kukufunsani manambala amene mumaimbira kawirikawiri kapena mayunitsi amene munalowetsa komaliza, ndiye yambani kukumbukira muli panjira. Ngati nambalayo inalembetsedwa pa chiphaso cha amuna anu kapena mwana wanu, mupite nawo eni akewo, apo ayi mukabwerera chabe. Chimene simudzachipezanso ndi manambala a anthu amene munawasunga pa simu m'malo mwa pafoni, amenewo amapita ndi yakufayo. Nambala yachinsinsi ya ndalama zanu musauze aliyense, ngakhale amene akukuthandizaniyo.

Kayeseni ndi foni ya mnansi madzulo ano, mudzalembe pano zinthu zitatu: yanu mwawo yatani, yawo mwanu yatani, ndipo SIM 2 yatani. Mutiuzenso ngati foniyo inagwa kapena kunyowa masiku apitawa.