Masaya odzaza pa chithunzi si umboni woti mwana ali bwino

"Ndimagwira ntchito ku Limbe, ndipo mwana wanga wa miyezi 20 amakhala ndi agogo ake kumudzi. Anditumizira chithunzi pa foni: masaya adzaza, koma tsitsi lafiirira, komanso anzanga akuti akuoneka ngati wa chaka chimodzi. Kodi chithunzichi ndichikhulupirire?"

Mayi, masaya amene akukulimbitsani mtimawo ndi amene ine andidetsa nkhawa. Pali mtundu wa kunyentchera, umene achipatala amautcha kwashoko, womwe umasonkhanitsa madzi m'thupi kuyambira kumapazi mpaka kumaso, kotero kuti mwana amaoneka ngati wanenepa pamene akudwala kwambiri. Kamera siisiyanitsa mnofu ndi madzi, koma chala chimasiyanitsa. Auzeni agogo atsindike ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, awerenge pang'onopang'ono mpaka katatu, kenaka achotse. Ngati patsala kadzenje ku mapazi onse, kumeneko ndi kutupikana, ndipo mwanayo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo. Kuno ku Blantyre ana otere, akakhala kuti adwalika, amagonekedwa ku wodi ya Moyo pa chipatala cha Queen Elizabeth, pamene ena amene akudya bwino amalandira chiponde n'kumachira ali kwawo.

Za tsitsi ndinena mosamala, chifukwa mtundu ndi chinthu chimene chithunzi chimanamiza kawirikawiri. Dzuwa la madzulo limafiiritsa chilichonse, fumbi nalo limatero, ndipo foni zambiri zimakonza zokha kuwala ndi kusalaza khungu. Tsitsi la mwana wonyentchera silingofiira chabe, limakhalanso lapatalipatali, lofewa ndi losavuta kuzuka, ndipo zimenezi amazidziwa ndi amene waligwira.

Zoti akuoneka wamng'ono, mwina n'kupinimbira, koma mwinanso wojambulayo anaimirira n'kuloza foni pansi, zimene zimakulitsa mutu n'kufupikitsa miyendo. Msinkhu umaweruzidwa poyerekeza kutalika ndi tsiku lobadwa. Choncho chithunzi chimene chingakuthandizeni kwenikweni ndi cha buku lake la kusikelo, patsamba limene amalembapo kulemera kwake. Ngati kulemerako kwaima kapena kwatsika kwa miyezi iwiri kapena itatu, pali vuto, ngakhale nkhope ikhale yosangalala. Dziwaninso kuti mwana wotupa amalemera ndi madzi, motero sikelo yokha ikhoza kukupusitsani.

Pemphaninso kuti mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amuyeze mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja, pakati pa phewa ndi chigongono. Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59, muyeso wosafika masentimita 11.5 umagwa pofiira ndipo ndi kunyentchera koopsa, pamene kuyambira 11.5 kulekeza 12.5 ndi pachikasu, pofunika chithandizo msanga.

Mukamaimba foni madzulo ano, funsaninso ngati akudya, ngati akusewera kapena akungokhala ndwii, ndiponso ngati watsegula m'mimba masabata apitawa.