Ndilembe chiyani pa tsamba la About pomwe sindinapezebe kasitomala?

"Ndikumaliza kosi ya zojambula za pakompyuta, komanso ndimatola zithunzi. Ndapanga webusayiti yoonetsa ntchito zanga, koma tsamba la About lidakali lopanda kanthu chifukwa sindinagwirepo ntchito yolipidwa. Ndilembepo chiyani?"

Munthu amene amatsegula tsamba limeneli nthawi zambiri amakhala ataona kale ntchito zanu ndipo zamukopa. Chomwe watsala nacho ndi kudziwa ntchito imene angakupatseni, komwe muli, ndi njira yolumikizirana nanu. Zonsezi mungathe kuyankha ngakhale musanalandirepo malipiro, ndipo mawu 100 mpaka 150 ndi okwanira.

Mphamvu zanu zambiri zithere pa chiganizo choyamba, chifukwa ambiri sawerenga mpaka kumapeto. Ophunzira ochuluka amayamba chonchi: "Ndakhala ndikukonda kujambula kuyambira ndili mwana, ndipo ndimajambula chilichonse." Mwini bizinesi akawerenga zimenezi sanamve kanthu komuthandiza. Sakudziwa ngati mungamupangire logo, ndipo mawu akuti "chilichonse" amamupatsa chithunzi cha munthu amene sanasankhebe pokhazikika.

Tiyerekeze kuti pa webusayiti yanu pali ntchito zisanu ndi zitatu: malogo atatu, malebulo awiri a mabotolo, ndi magulu atatu a zithunzi za katundu. Mukatchula dzina lanu, mungapitirize motere: "Ndimapanga malogo ndi malebulo a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo katundu wawo ndimamutola zithunzi ndekha kuti lebulo ndi chithunzi zigwirizane." Pamenepa maluso anu awiri akhala ntchito imodzi yomveka. Kenako tchulani mzinda umene mumagwirira ntchito, ndipo nenani ngati mumapita kwina mukaitanidwa. Kwa wotola zithunzi mfundo iyi ndi yaikulu, popeza logo imatumizika pa imelo koma mwini kamera amayenera kufika pamalopo.

Zolemba zanu zisapitirire zomwe zikuoneka. Mukalemba kuti mumatola zithunzi za maukwati pomwe palibe chithunzi cha ukwati ngakhale chimodzi, wowerenga amayamba kukayikira ndi zoona zomwe. Chotsani luso lililonse lopanda umboni mpaka mutakhala nawo.

Za makasitomala, nenani zoona mosadzichepetsa: "Ndikumaliza maphunziro chaka chino. Ntchito zomwe zili pano ndi za m'kalasi ndi zina zomwe ndinadzipatsa ndekha." Basi, osawonjezera kupepesa kuti mudakali wophunzira. Chomwe ndimaletsa kwambiri ndi ichi: wina amakonzanso logo ya kampani yotchuka pofuna kuyesa luso, kenako n'kuilemba kampaniyo ngati kasitomala wake. Wolemba anthu ntchito akafunsa kuti munkagwira ndi ndani kumeneko, bodza limaululika pomwepo. Ntchito yotere ilembeni poyera kuti ndi yoyeserera. Mukadzapeza makasitomala enieni, pemphani chilolezo musanawatchule.

Mapulogalamu monga Photoshop, Illustrator kapena Lightroom alowe m'chiganizo chimodzi. Timizere tija tosonyeza kuti Photoshop mumaidziwa 90% tisiyeni, palibe amene angafotokoze kuti 10% yotsalayo ndi chiyani. Ndi bwino malo amenewo mufotokozepo kagwiridwe kanu ka ntchito, mwachitsanzo kuti mumayamba mwamva zofuna za kasitomala, mumamuonetsa zitsanzo ziwiri, ndipo pomaliza mumapereka mafayilo osindikizira ndi a pa intaneti. Lonjezani zokhazo zomwe mungakwanitse nthawi zonse.

Lembani kuti "ndimapanga", osati "iye amapanga". Munthu mmodzi akamadzinena ngati wina, kapena akamati "ife" ngati kampani, zimamveka zachilendo tsiku lokumana naye maso ndi maso.

Ikani chithunzi chimodzi choonetsa nkhope yanu, chowala bwino, osati chobisika kuseri kwa kamera. Wotola zithunzi amayesedwa ndi chithunzi chimenechi. Chichepetseni kufika pa mapikiselo pafupifupi 1,000 m'lifupi, chikhale JPEG yosaposa 300 KB, chifukwa fayilo yochokera m'kamera imachedwetsa tsamba pa foni. Okonza zojambula ali ndi msampha wawo: amalemba mawu onse m'pulogalamu n'kuwaika pa tsamba ngati chithunzi. Pa foni zilembo zimachepa mpaka kusawerengeka, imelo siikopedwa, ndipo ofufuza dzina lanu pa Google amavutika kukupezani. Mawuwo alembedwe pa tsamba penipeni.

Malizani ndi imelo yokhala ndi dzina lanu, imene mumaiona tsiku lililonse. Adiresi ya kunyumba isaoneke. Mukatha, patsani foni munthu amene sadziwa ntchito yanu, awerenge kwa masekondi 15, ndipo mumufunse ntchito imene angakupatseni. Akayankha kuti "mumajambula" osatchula logo kapena lebulo, chiganizo choyamba chilembeninso.