Kusungunula chinthu mu Unreal, m'mphepete mukuyaka: mabowo ndi mzere wowala zichokere pa nambala imodzi

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufuna mdani wa mu gemu yanga akafa azisungunuka pang'onopang'ono, m'mphepete mwa mabowo muziyaka. Ndachita Subtract pakati pa noizi ndi parameter ya Dissolve n'kulowetsa mu Opacity Mask. Koma pa 0 thupi lili kale ndi mabowo, pofika 0.7 lasoweratu, ndipo mtundu wowala ukukuta thupi lonse. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, mwafika pafupi kwambiri. Subtract yanuyo ili bwino, musaichotse. Chimene chikukuvutitsani ndi nambala ina imene simunailembe nokha. Dinani pa nodi yaikulu ya matiriyo, mu Details mufufuze Opacity Mask Clip Value. Mupeza pali 0.3333. Blend Mode ikakhala pa Masked, Unreal sadziwa zoti chinthu chioneke pang'ono: pikiselo iliyonse imajambulidwa yonse kapena imatayidwa yonse, ndipo malire ake ndi 0.3333, osati 0. Ndiye pa Dissolve ya 0, malo onse amene noizi yake ndi yochepera 0.3333 atayidwa kale, ndiwo mabowo mukuwaonawo. Pa Dissolve ya 0.67, ngakhale malo oyereratu a noizi, amene ali pa 1, atsika kufika pa 0.33, choncho thupi lonse lapita.

Tisanakonze, ndikufuna muione noiziyo mwanjira ina. Iganizireni ngati dambo la zitunda ndi makwawa: malo akuda ndi otsika, malo oyera ndi okwera. Dissolve ndi madzi amene akukwera. Zimene zamira sizionekanso, zimene zili pamwamba zikuoneka, ndipo mzere wowala ndi kadothi konyowa kamene kali pamwamba pang'ono pa madziwo. Funso lokhalo lofunika pa pikiselo iliyonse ndi lakuti ili pamwamba pa madzi motalika bwanji. Yankho lake ndi nambala yotuluka mu Subtract yanu ija. Tiitche `d`. Mabowo achokere pa `d`, kuwala kuchokerenso pa `d` yemweyo. Mukapanga Subtract ziwiri zosiyana, tsiku lina mudzasintha imodzi n'kuiwala inzake, mzere wowala n'kutalikirana ndi bowo.

Masamu onse ndi awa:

```
t    = Lerp(-Width, 1.01, Dissolve)
d    = Noise - t
edge = 1 - Saturate(d / Width)

Opacity Mask   = d + 0.3333
Emissive Color = EdgeColor * edge * Glow
```

Dissolve, Width ndi Glow ndi ma Scalar Parameter, amene mumawapeza pogwira S n'kudina pa girafu. EdgeColor ndi Vector Parameter, pogwira V. Yambani ndi Width ya 0.05 ndi Glow ya 20. Kuti mupeze -Width, chulukitsani Width ndi -1 mu Multiply, zotsatirazo zilowe pa A ya Lerp, 1.01 pa B, Dissolve pa Alpha.

Kuwonjezera 0.3333 kukungobwezera malire a Unreal pa 0 ya `d` wathu, basi. Pikiselo ya `d` wopitirira 0 itsala, ya `d` wochepera 0 itayidwa.

Lerp ija ndi imene anthu ambiri amaidumpha, koma ndi yofunika. Madzi akayambira pa 0 ndendende, malo akuda kwambiri a noizi amakhala ali kale m'mbali mwa madzi, ndiye mdani wanu azikhala ndi timadontho towala akadali wamoyo. Tikayambira pa -0.05, ngakhale pikiselo yakuda bii imakhala ndi `d` wa 0.05, kunja kwa mzere. Kumapeto tikupitirira 1 pang'ono kuti malo oyereratu nawonso amire, pasatsale tinyenyeswa toyandama m'malere Dissolve itafika kale pa 1.

Tsopano tiyeni titsate mapikiselo atatu kuti muone mmene mzere ukubadwira. Ikani Dissolve pa 0.5 ndi Width pa 0.05. Lerp itulutsa theka la ulendo wochoka pa -0.05 kufika pa 1.01, ndiye `t` ndi 0.48.

Pikiselo yoyamba ili ndi noizi ya 0.40. Kuchotsa 0.48, `d` ndi -0.08. Kuwonjezera 0.3333 tipeza pafupifupi 0.25, yochepera malire, ndiye yatayidwa. Yachiwiri ili ndi noizi ya 0.49. Apa `d` ndi 0.01, ikuoneka. Kugawa 0.01 ndi 0.05 kupereka 0.2, OneMinus n'kuitembenuza kukhala 0.8, choncho ikuyaka mwamphamvu. Yachitatu ili ndi noizi ya 0.70, `d` wake ndi 0.22. Kugawa ndi 0.05 kupereka 4.4, Saturate n'kuidula kukhala 1, OneMinus n'kutulutsa 0. Pamenepo palibe kuwala, pakuoneka khungu la mdani lachibadwa.

Sindinaone girafu yanu, koma thupi lonse likamawala nthawi zambiri Divide imakhala palibe. Ngati mwalowetsa `d` mu OneMinus mwachindunji, pikiselo yachitatu ija ipeza 0.78 m'malo mwa 0, ndipo mukachulukitsa ndi 20 thupi lonse liyaka. Divide ndi imene imapanikiza kuwala kuti kuthere mkati mwa 0.05 yokha. Pofuna kutsimikiza, Dissolve ili pa 0.5, dinani kumanja pa nodi ya OneMinus musankhe Start Previewing Node. Muyenera kuona mizere yoyera yopyapyala ikuzimiririka kulowa m'malo akuda. Malo amene adzakhale mabowo aziyera nawonso, koma musadandaule nawo chifukwa atayidwa. Ngati palibe pakuda paliponse, vuto lili m'mbuyo mwa nodiyo, musataye nthawi kusintha mitundu. Ndipo Width musaifikitse pa 0, chifukwa tikugawa nayo.

Mzere ukaoneka, chotsatira ndi noiziyo, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ntchito imakongola kapena kuipa.

Ngati mukugwiritsa ntchito chithunzi cha noizi mu Texture Sample, chitseguleni muchotse chizindikiro pa sRGB, Compression Settings muike pa Grayscale kapena Masks. Chifukwa chake n'chakuti sRGB ikayatsidwa, Unreal amachitenga chithunzicho ngati mtundu wa maso, n'kupinda manambala ake: imvi ya pakati, imene mumaiyesa 0.5, imafika m'matiriyo ili pafupi ndi 0.21. Zizindikiro zake n'zosavuta kuzidziwa. Thupi limatha mothamanga koyambirira kwenikweni, kenako tizigamba tochepa timakakamira mpaka kumapeto. Mukasintha zimenezi, bwererani pa Texture Sample muone kuti Sampler Type ikugwirizana ndi chithunzicho, apo ayi matiriyo akana ndi uthenga wofiira.

Ngakhale sRGB itazimitsidwa, zithunzi zambiri za noizi sizifika pakuda penipeni kapena poyera penipeni. Tinene kuti chanu chikuyambira pa 0.25 n'kuthera pa 0.75. Pamenepo mukamakoka Dissolve, poyamba palibe chochitika, pakati zonse zichitika mothamanga, kumapeto palibenso kanthu. Njira yake ndi kutambasula noiziyo isanalowe mu Subtract:

```
Noise = Saturate((Tex.R - 0.25) / 0.5)
```

Manambala awiriwo muwayese pa chithunzi chanu. Woyamba ndi nambala ya `t` pamene bowo loyamba likuonekera, wachiwiri ndi mtunda kuchoka pamenepo kufika pamene chigamba chomaliza chikusowera.

Kumbukiraninso kuti chithunzi wamba cha mabiti 8 chili ndi makwerero 256 okha kuchoka pakuda kufika poyera. Pa noizi yosatambasulidwa, Width ya 0.05 ikutenga makwerero pafupifupi 13, okwanira kuti kuwala kuzimiririke bwino. Mukaitsitsa kufika pa 0.01 mutsala ndi awiri kapena atatu, ndipo kamera ikayandikira mzere uoneka wa mano-mano. Mzerewo sukhalanso wofanana kukula paliponse: pamene noizi ikusintha pang'onopang'ono umatambalala, pamene ikusintha mwadzidzidzi umapyapyala. Ine zimenezo ndimazikonda chifukwa moto weniweni suyenda mofanana, koma mukaona zigamba zikuluzikulu zowala, fufuzani chithunzi chosiyanitsa kwambiri kuda ndi kuyera, kapena onjezani UTiling ndi VTiling pa TextureCoordinate kufika pa 2 kapena 3.

Ilipo nodi ina yotchedwa Noise imene imapanga noizi ndi masamu popanda chithunzi. Ndi yabwino poyeserera, koma pa mdani woyenda sindingakulangizeni. Ndi yolemera, chifukwa imawerengedwa pa pikiselo iliyonse, ndipo Levels iliyonse ikuwonjezera ntchito. Pa foni kapena laputopu yofooka mudzamva. Output Min yake imabwera ili pa -1, ndiye muyenera kuiika pa 0 kuti masamu athu agwire. Choopsa kwambiri n'chakuti mukapanda kuipatsa Position, imawerenga malo a dziko la gemu. Mdani akamagwa, thupi likuyenda koma noizi yaima, mabowo n'kumaseleleka pathupi. Chithunzi choyenda ndi ma UV chilibe vuto limeneli chifukwa chamatirira pakhungu, ngakhale kuti pa msoko wa ma UV mabowo amaoneka odukiza.

Za kuwala kwenikweni: Emissive Color ikapitirira 1 ndi pamene Bloom imayamba kuoneka bwino mozungulira mzere, n'chifukwa chake tikuchulukitsa ndi 20. Ngati mtundu wanu wa lalanje ukusanduka woyera, Glow yachuluka, itsitseni. Musaweruze mu kawindo ka Preview. Ikani mdaniyo m'levo yeniyeni, chifukwa Auto Exposure imasintha kuwala molingana ndi malo, ndipo 20 imene ikuthobwa m'maso m'phanga ikhoza kuzilala padzuwa. Mukafuna kuti m'mphepete mwenimweni mwa bowo mukhale moyaka kwambiri kuposa mbali yotsala ya mzere, dutsitsani `edge` mu Power ya 2 kapena 3 musanachulukitse ndi mtundu.

Mabowo akatseguka mudzaona kuti mkati mwa thupi mulibe kanthu, mukuona kuseri ngati kumsana kulibe. Chongani Two Sided pa matiriyo, khoma la mkati lioneka.

Chatsala ndi kuyendetsa Dissolve mu Blueprint. Pa BeginPlay itanani Create Dynamic Material Instance pa meshi ya mdani, musunge zotuluka mu variable. Akafa, yambitsani Timeline yokhala ndi Float Track yochoka pa 0 kufika pa 1, mwina m'masekondi awiri. Pa Update lumikizani Set Scalar Parameter Value, Parameter Name ikhale `Dissolve` ndendende monga munalembera m'matiriyo. Mukaphonya chilembo chimodzi, Unreal sakuchenjezani, mdani amangogona osasungunuka. Ngati mutu wasowa koma zovala zatsala, meshiyo ili ndi ma Element angapo, ndipo iliyonse ikufuna matiriyo okhala ndi masamu amenewa. Apo nodi ya Set Scalar Parameter Value on Materials ikuthandizani chifukwa imatumiza nambala ku onse nthawi imodzi. Pa Finished itanani Destroy Actor, apo ayi osewera azigunda thupi losaoneka ngati Collision ikadali yoyatsa.

Mukakonza, tumizani chithunzi cha girafu kuyambira pa Lerp mpaka pa Emissive Color, ndi china cha mdaniyo ali pa Dissolve ya 0.5, tione ngati Width ikufuna kusinthidwa.